Galimoto Yodzigwira Yokha Mabuleki: Zimene Imaona ndi Zimene Siiona pa Msewu wa Kuchigwa

Abambo ndi amayi, tisanatuluke kupita pa galimoto lero, tiyeni tikhale kaye pansi pa nkhani imene ikubwerabwera m'kalasi muno. Galimoto zambiri zimene zikulowa m'dziko muno kuchokera ku Japan masiku ano zili ndi kabokosi kakuda kumtunda kwa galasi lakutsogolo, kuseri kwa kagalasi koonera kumbuyo. Ogulitsa amakaloza n'kunena kuti, "Iyi imadzigwira yokha mabuleki, simungagunde nayo." Ena afika ponena kuti imadziyendetsa yokha. Kunena kuti imadzigwira mabuleki kuli ndi choonadi chake, koma choonadicho chili ndi malire, ndipo malirewo ndi amene ndikufuna muwadziwe musanalandire laisensi. Zakuti imadziyendetsa yokha ziiwaleni. Pa galimoto zimene tikuyendetsa kuno ku Chikwawa ndi ku Nsanje, woyendetsa ndi inu, kuyambira poliza injini mpaka poizimitsa.

Zipangizo zothandiza woyendetsa zilipo zambiri. Ine nditsindika chimodzi, cha mabuleki odzigwira okha, chifukwa ndi chimene anthu amachikhulupirira kwambiri. Zinazo ndizikhudza pamene zikukumana ndi misewu yathu.

Galimoto imaona bwanji?

Galimoto ili ndi njira ziwiri zikuluzikulu zodziwira chimene chili kutsogolo kwake. Yoyamba ndi kamera, imene imakhala m'kabokosi kaja. Kamera imajambula msewu mosalekeza, ndipo kompyuta ya m'galimoto imafufuza m'zithunzizo maonekedwe amene anaiphunzitsa ku fakitale: kumbuyo kwa galimoto ina, mizere yoyera ya pamsewu, ndipo pa galimoto zatsopano, thupi la munthu woimirira. Mawu akuti "anaiphunzitsa" muwasunge. Kamera siizindikira chinthu chifukwa chakuti chilipo. Imachizindikira ngati chikufanana ndi zimene ikuzidziwa kale.

Njira yachiwiri ndi yoyeza mtunda. Apa pamagwira ntchito rada kapena leza. Rada imatumiza mafunde a wailesi kutsogolo, mafundewo akagunda chinthu amabwerera, ndipo nthawi imene atenga imauza kompyuta kuti chinthucho chili patali bwanji komanso chikuyandikira mofulumira bwanji. N'chimodzimodzi mleme, umene umalira n'kumvetsera kubwerera kwa kulira kwake kuti usagunde mtengo mumdima. Leza imachita zomwezo koma ndi kuwala kosaoneka ndi maso, ndipo siifika patali ngati rada. Rada kawirikawiri imabisika kuseri kwa chizindikiro cha kampani kutsogolo kwa galimoto kapena pa bampala, pamene leza imakhala m'kabokosi ka pagalasi kapena pa bampala.

Kompyuta ikaona kuti mukuyandikira chinthu ndipo simukuchitapo kanthu, imachita zinthu motsatana. Imayamba ndi kulira ndi kuonetsa chenjezo pa dashibodi. Mukaponda buleki koma mofooka, imawonjezera mphamvu. Mukapanda kuponda n'komwe, pamapeto penipeni imagwira yokha. Imadikira dala mpaka mochedwa chonchi chifukwa opanga sakufuna kuti izingoima paliponse. Ikanakhala yamantha, ikanamagwira mabuleki pa mtengo uliwonse wa pakona, ndipo a kumbuyo akanamakugundani tsiku ndi tsiku. Choncho inapangidwa kuti ikakayikira, isagwire.

Pali zinthu ziwiri zimene ambiri sazidziwa. Ngati mwaponda mafuta mwamphamvu kapena mwakhotetsa chiwongolero mwadzidzidzi, kompyuta imaganiza kuti mukuzemba nokha ndipo ikhoza kusiya kugwira. Komanso ikaimitsa galimoto siigwira mpaka kalekale. Pa galimoto za Toyota imamasula patapita masekondi pafupifupi 2, ndipo galimoto ya otomatiki imayambanso kukwawa. Phazi lanu liyenera kukhala litafika kale pa buleki.

Liwiro limene chipangizochi chimagwirira ntchito

Apa ndi pamene pali nkhani yeniyeni. Dzina lakuti mabuleki odzigwira okha ndi limodzi, koma zipangizo zake n'zosiyana kutalitali malinga ndi kampani ndi chaka.

Titenge Toyota Safety Sense C, imene inayamba mu 2015 ndipo imapezeka pa zina mwa galimoto zimene timaziona tsiku lililonse: Sienta, Vitz, Aqua, Axio ndi Fielder. Ndati zina, chifukwa pa zambiri chinali chinthu chochita kuwonjezera pogula, ndiye Sienta ziwiri za chaka chimodzi, ina ikhoza kukhala nacho ina ayi. Chipangizochi chimagwiritsa ntchito kamera ndi leza. Malinga ndi a Toyota eni ake, chimagwira mabuleki pa liwiro la pakati pa makilomita 10 ndi 80 pa ola, ndipo chimatha kuchotsa pafupifupi makilomita 30 pa ola pa liwiro lanu. Mvetsetsani bwino pamenepa. Ngati mukuyenda pa 30 ndipo kutsogolo kwaima galimoto, mwina chiimitsa musanagunde. Ngati mukuyenda pa 80, mugunda ndithu, kungoti mugunda pa 50.

Kuchepetsa kumeneko si kwachabe. Mphamvu ya kugunda imakula mofulumira kuposa liwiro, moti kugunda pa 50 kuli ndi mphamvu yosafika theka la kugunda pa 80. Pamenepo pakhoza kupulumuka moyo. Komabe kugunda chinthu cholimba pa 50 n'kofanana ndi kugwa kuchokera pamwamba pa mamita 10. Palibe amene angatche zimenezo kupewa ngozi.

Chinanso, mtundu woyamba wa Safety Sense C unapangidwa kuti uzizindikira galimoto zokha. Kuzindikira munthu woyenda pansi kunabwera pa galimoto zazing'onozi mu 2018, ndipo poyamba kunali kwa masana okha. Pa tigalimoto tating'ono ta Daihatsu, monga Move ndi Mira, mtundu woyamba wa Smart Assist, umene unayamba mu 2012, umagwira pa liwiro losapitirira 30 basi. Unapangidwira mndandanda wa galimoto za m'tauni zimene zikuyenda pang'onopang'ono, woyendetsa n'kuyang'ana kumbali osaona kuti mnzake waima. Pa msika wa Nchalo kapena pa Dyeratu chipangizochi chikhoza kukuthandizani kuti musagunde minibasi imene yaima mwadzidzidzi. Mukangotuluka n'kufika pa 60, chilibenso chochita pa mabuleki.

Usiku pakati pa Nchalo ndi Ngabu

Tiwerengere limodzi chitsanzo chimodzi, kuti manambalawa akhale ndi tanthauzo.

Mwanyamuka pa Nchalo usiku kulowera ku Ngabu pa msewu wa M1, m'galimoto ya 2016 yokhala ndi Safety Sense C. Msewu ndi wowongoka, phula ndi louma, mukuyenda pa 80. Kutsogolo kukubwera lole, ndiye mwatsitsa nyali kuti musamuthobwe mnzanu m'maso. Nyali zotsitsa zimaunikira pafupifupi mamita 50, ndipo chinthu chakuda chimaoneka mochedwa kuposa pamenepo. M'mbali yanu ya msewu muli ngolo ya ng'ombe yosenza matumba, yopanda nyali, yopanda chonyezimira.

Pa 80, galimoto imayenda mamita 22 pa sekondi iliyonse. Kuchokera pamene maso aona mpaka phazi litaponda buleki, munthu wosayembekezera amatenga pafupifupi sekondi imodzi ndi theka. Amenewo ndi mamita 33 amene mwayenda osachepetsa liwiro n'pang'ono pomwe. Mabuleki abwino ndi matayala abwino pa phula louma amafuna mamita ena pafupifupi 35. Onse pamodzi ndi mamita 68, koma inu ngoloyo mwaiona ili pa mamita 50. Mukamaponda buleki mwatsala ndi mamita 17 okha, ndipo mukafika pa ngolo mudakali pa liwiro loposa 55.

Nanga chipangizo chija chili kuti? Kamera ikufunafuna kumbuyo kwa galimoto: chinthu cha makona anayi, chokhala ndi nyali ziwiri zofiira. Ikuona mdima, ndiponso kuwala kwa lole ija kukuilowa m'diso. Ngolo siili m'gulu la zimene inaphunzitsidwa. Leza imadalira kuwala kobwerera, ndipo matabwa akuda ndi matumba a fumbi sabweza kuwala ngati zonyezimira za kumbuyo kwa galimoto. Mwina ilira mochedwa, mwina siilira n'komwe. Mabuku a galimoto zimenezi amanena okha poyera kuti chipangizochi chikhoza kulephera kuzindikira galimoto ya maonekedwe achilendo monga thirakitala, galimoto imene katundu wake watulukira kumbuyo, ndi chinthu chimene chalowa mumsewu mwadzidzidzi kuchokera m'mbali. Tsopano taganizirani zimene zimayenda pa msewu wathuwu: thirakitala yokoka nzimbe, kabaza wonyamula thumba la makala chopingasa, njinga yamoto yopanda nyali yakumbuyo, mbuzi, ng'ombe zochokera kumadzi. Pafupifupi zonse zili pa mndandanda wa zokayikitsa. Ng'ombe imene ikudutsa chopingasa ndiye musaiyembekezere n'komwe kuti galimoto ya zaka zimenezo iidziwa.

Tibwereze ulendo womwewo pa 60. Pa sekondi mukuyenda mamita osakwana 17. Nthawi yoganiza ikudya mamita 25, mabuleki akufuna mamita 20, onse pamodzi 45. Mwaima patatsala mamita 5, mwini ngolo akupitiriza ulendo wake. Pa mtunda wa makilomita 30, kusiyana kwa 80 ndi 60 ndi mphindi 7 ndi theka. Ndimakonda kuwerengera kumeneku chifukwa kumaonetsa poyera kuti usiku liwiro lanu liyenera kukwanira mkati mwa pamene nyali zanu zikufika, kaya galimoto ili ndi kabokosi kaya ilibe.

Zimene zimaphimba maso a galimoto kuno kwathu

Ngakhale masana, chipangizochi chimadalira galasi loyera. Fumbi la m'chilimwe, matope a m'dzinja, tizilombo tophwanyikira pagalasi madzulo, zonsezi zikakhala patsogolo pa kabokosi, kamera imaona mwachimbuuzi. Mvula yamphamvu imachita chimodzimodzi, utsi wa nzimbe zotenthedwa ndi fumbi la lole imene ili patsogolo panu nazonso. Dzuwa likakhala pansi m'mawa kapena madzulo n'kulunjika m'galasi, kamera imathobwa monga mmene inu mumathobwera. Nthawi imene maso anu akuvutika ndi nthawi yomweyo imene a galimoto akuvutikanso.

Kutentha kwa kuchigwa kuno kuli ndi vuto lakelake. Mu Okutobala ndi Novembala, ku Ngabu ndi ku Nsanje kumapitirira madigiri 40, ndipo galimoto yoimikidwa padzuwa mkati mwake mumatentha koposa pamenepo. Kabokosi kaja kali pagalasi penipeni. Kakatentha kwambiri kamadzizimitsa kuti kasawonongeke, ndipo pa dashibodi pamayaka kapena kuphethira nyali ya `PCS`, imene ndi ya mabuleki odzigwira okha, nthawi zina ndi uthenga wa m'Chijapani umene ambirife sitingauwerenge. Mkati mukazizira kamayambanso kokha. Koma m'mphindi zimenezo mukuyenda opanda thandizo lililonse.

Palinso zimene timachita tokha. Chomata cha mpingo kapena cha timu ya mpira chikamatidwa kumtunda kwa galasi, chimatseka kamera. Zitsulo zotchingira kutsogolo zikhoza kutseka rada. Galasi likasweka n'kuikapo lina, kapena bampala ikawongoledwa pambuyo pa kugunda, kamera ndi rada zimafunika kuziyezanso ndi makina kuti ziloze bwino. Diso lopendekeka pang'ono pafupi, pa mamita 50 limakhala likuyang'ana kutchire. Funsani amakaniko anu ngati ali ndi chida choyezera. Ndipo mukamagula galimoto yakale, funsani ngati galasi linasinthidwapo.

Nthawi zina chipangizochi chimalakwitsa mbali inayo: chimalira kapena kugwira popanda choopsa. Zimachitika pa kona pamene chikwangwani chili moyang'anizana nanu, pa udzu wautali wowerama mumsewu, kapena pa mlatho wazitsulo. Ndi chifukwa china chosayendera pafupi kwambiri kumbuyo kwa galimoto yatsopano.

Mizere, mchenga ndi chitunda

Chipangizo chochenjeza mukamapatuka pa mbali yanu, chimene pa Toyota chimalembedwa `LDA`, chimawerenga mizere ya penti. Chimayamba kugwira pa liwiro la pafupifupi 50. Pamene mizere inafufutika, pamene madzi osefukira anasiya mchenga pa phula, kapena pa msewu wadothi, chilibe choti chiwerenge, ndipo chimangokhala chete. Kukhala chete kwake sikukutanthauza kuti muli pabwino. Pa galimoto zina chimakankhako chiwongolero pang'ono, koma sichidziwa dzenje, ndipo sichidziwa kuti mwapatuka dala kuti mupatse mpata wa njinga. Mukayatsa indiketa chimadziwa kuti mwafuna nokha, ndiye chizolowezi cha indiketa chimene ndimakukakamizani chija chili ndi ntchito inanso.

Cha `ABS` chili pafupifupi m'galimoto iliyonse imene mudzayendetse, ndipo n'chimene mudzakumane nacho koyamba. Ntchito yake ndi kuletsa matayala kuuma n'kumakhukhuluzika mukaponda buleki mwamphamvu. Chimagwira ndi kumasula kambirimbiri pa sekondi, kuti tayala lizizungulirabe ndipo chiwongolero chizimverabe. Mudzamva buleki ikunjenjemera pansi pa phazi ndi phokoso ngati chinachake chikuthyoka. Musachotse phazi, ndipo musapope. Pondani mwamphamvu, gwiritsitsani, wongolerani kumene mukufuna kupita. Koma dziwani ichi: pa mchenga ndi pa miyala yomwazika, galimoto ya `ABS` ikhoza kutenga mtunda wautali kuti iime, chifukwa tayala louma limadzikundikira mulu wa mchenga kutsogolo umene umathandiza kuimitsa, pamene tayala lozungulira silikundika. Pa misewu yadothi yolowera kumidzi, kapena powoloka khwawa louma, siyani mpata waukulu kuposa wa pa phula.

Mukatitimira mumchenga kapena m'matope, ena adzakuuzani kuti muzimitse chipangizo choletsa kuterereka kuti matayala azungulire momasuka. Nthawi zina n'zothandizadi. Koma pa Toyota, nyali ya `VSC OFF`, yosonyeza kuti chipangizo choletsa kutererekacho chazima, ikayaka, mabuleki odzigwira okha nawonso azima. Mukatuluka m'matopemo, yatsaninso musanakwere pa phula.

Tsopano chitunda. Kuchokera ku Blantyre, pa mamita oposa 1,000 pamwamba pa nyanja yamchere, msewu umatsika ndi makona mpaka pa Thabwa, m'chigwa chimene chili pa mamita 100 kapena kucheperapo. Zipangizo zonse zimene tatchulazi zimagwiritsa ntchito mabuleki omwewo amene phazi lanu limaponda. Zilibe ena apadera. Mukatsika chitunda chonse phazi lili pa buleki, mabuleki amatentha, amayamba kununkha, buleki imafewa kapena imafuna mphamvu zambiri kuti igwire. Zikafika pamenepo, kompyuta ingalamule bwanji, palibe chogwira. Tsikani ndi giya yaing'ono kuti injini izibweza galimoto: pa ya manyuwo giya 2 kapena 3, pa ya otomatiki `L`, `2`, `S` kapena `B`, malinga ndi zimene zalembedwa pa galimoto yanuyo. Mukamva fungo la mabuleki, imani pamalo otakasuka kuti azizire, ndipo musawathire madzi.

Galimoto zina zokwererapo mtengo zili ndi chosunga liwiro chimene chimatsatira galimoto ya patsogolo, kuchepetsa ndi kuwonjezera chokha. Ichi ndiye chimene chimapangitsa anthu kunena kuti galimoto ikudziyendetsa. Pa makona akuthwa rada imataya galimoto imene imaitsatira, n'kuganiza kuti msewu watseguka, ndipo ikhoza kuwonjezera liwiro muli pakati pa kona. Zambiri mwa izo sizinapangidwenso kuti ziime chifukwa cha chinthu chimene chaima kale, monga lole yofera mumsewu yokhala ndi nthambi kumbuyo. Pa chitunda cha Chikwawa ndi podutsa m'misika, chizimitseni.

Mukalowa m'galimoto imene simukuidziwa

Ambiri a inu mudzayendetsa galimoto za ena, za abwana, za ofesi kapena za hayala, ndipo iliyonse idzakhala ndi zakezake. Musanalize injini, yang'anani kuseri kwa kagalasi koonera kumbuyo ngati kuli kabokosi, ndipo pukutani galasi la kunja pamalo amenewo. Kenako yatsani magetsi a galimoto n'kuyang'ana dashibodi. Nyali zochenjeza zimayaka zonse kwa masekondi angapo kenako n'kuzima. Pamenepo mudziwa zinthu ziwiri: zipangizo zimene galimotoyo ili nazo, ndi zimene zikugwira ntchito. Nyali ya `ABS` kapena ya `PCS` ikatsala yoyaka injini italira, chipangizocho n'chozima kapena chili ndi vuto. Mabuleki wamba amagwirabe nyali ya `ABS` itayaka, koma matayala akhoza kuuma mukaponda mwamphamvu, ndiye galimotoyo ikaonedwe. Ikayaka pamodzi ndi nyali yofiira ya mabuleki, handibuleki mutaimasula kale, musanyamuke. Nyali imene siiyaka n'komwe poyamba nayonso ndi yokayikitsa, chifukwa pali anthu amene amaichotsa kuti abise vuto pogulitsa.

Funsani mwini wake chaka cha galimotoyo, chifukwa mwaona kuti ya 2016 ndi ya 2019 zikhoza kufanana kunja koma ina siidziwa munthu woyenda pansi. Ndipo chonde, musayese chipangizochi pothamangitsira galimoto ku khoma, ku galimoto ya mnzanu, kapena kwa munthu kuti muonetse anzanu. Chimene tingayese bwinobwino ndi `ABS`. Lero masana tikapita pabwalo lathu lopanda anthu, aliyense amanga lamba, afika pa 30, ndipo ndikanena aponda buleki ndi mphamvu zake zonse mpaka galimoto iime, kuti kunjenjemera kuja phazi lanu likudziwiretu muli ndi ine pambali.